Kutamuka kwa malonda: nambala youza wogulitsa ngati kukweza mtengo kumupindulira

Boma likakweza msonkho wa fodya, kapena mafuta a galimoto akadula, akatswiri a zachuma amakonda kunena kuti katundu ameneyu ndi "wosatamuka", ndipo ena amatchula nambala monga 0.4 osafotokoza kumene yachokera. Womvera amatsala ndi mafunso. Kodi 0.4 ameneyu ndi wa chiyani, ndalama kapena makilogalamu? Nanga n'chifukwa chiyani buku lina limalemba −0.4 pomwe lina limalemba 0.4? Ndipo amene watsegula buku la masamu a zachuma amapezanso zina: tanthauzo lake lalembedwa ndi zilembo `ln`, ngati kuti nkhani ya ogula ndi ogulitsa yasanduka phunziro la malogarizimu.

Nambala imeneyi akatswiri amaitcha elasitisite. Ine ndiitcha kutamuka, chifukwa fanizo lake ndi la mphira: ukakoka mtengo, kodi kuchuluka kwa zimene anthu akugula kumatamuka kwambiri kapena kumangosuntha pang'ono? Pansipa tiyenda ndi wogulitsa mmodzi yekha wongoyerekeza, ndipo manambala ake ndawasankha dala kuti aliyense athe kuwayesa yekha papepala.

## Vuto la miyeso

Tiyerekeze kuti wogulitsa wathu ali ndi katundu wa mtundu umodzi, ndipo waona kuti malonda ake a pamwezi amatsata lamulo ili, pamene `P` ndi mtengo ndipo `Q` ndi kuchuluka kwa zogulidwa:

```
Q = 1200 − 8P
```

Akaika mtengo pa 100 amagulitsa zinthu 400. Akaukweza kufika pa 101 amagulitsa 392. Ndiye kuti pa ndalama imodzi iliyonse yoonjezera, amataya malonda a zinthu 8. Nambala −8 imeneyi ndiyo a masamu amaitcha derivetivu, ndipo amailemba `dQ/dP`. Tanthauzo lake ndi losavuta: ndi liwiro limene chinthu china chikusinthira pamene chinzake chasuntha pang'ono kwambiri. Pa galafu, ndi kutsetsereka kwa mzere.

Munthu angaganize kuti −8 wakwana kuyeza mmene ogula amamvera mtengo. Koma taonani chimene chimachitika wogulitsa akangosintha kawerengedwe. Akayamba kulemba mtengo m'timagawo ta ndalama, 100 pa ndalama imodzi, nambalayo isanduka −0.08. Akayamba kuwerenga katundu wake m'mabokosi a zinthu 8, isanduka −1. Ogula ndi omwewo, khalidwe lawo silinasinthe, koma nambala yasintha kawiri konse. Ndiponso ndi muyeso wotere simungafananize malonda a simenti ndi a matikiti a ndege, chifukwa china chimawerengedwa m'matumba, china m'mipando.

Katswiri wa masamu wa ku France, Antoine Augustin Cournot, ndiye analemba mu 1838 kuchuluka kwa zogulidwa ngati chinthu chodalira mtengo, n'kugwiritsa ntchito derivetivu kupeza mtengo wobweretsa ndalama zambiri. Amene anapatsa ganizoli dzina n'kulifalitsa ndi Alfred Marshall wa ku Cambridge, m'buku lake la mu 1890. Njira yake inali yoti tisiye kuwerenga ndalama ndi matumba, tiziwerenga maperesenti mbali zonse ziwiri. Mtengo ukakwera ndi 1 peresenti, malonda amatsika ndi maperesenti angati? Yankho la funso limenelo ndilo kutamuka. Kwa wogulitsa wathu, kuchoka pa 100 kufika pa 101 ndi 1 peresenti, ndipo kutaya 8 mwa 400 ndi 2 peresenti. Kutamuka kwake pamenepo ndi −2.

Polemba mwamasamu, `dQ` ndi `dP` ndi kusintha kwakung'ono kwa `Q` ndi `P`, ndipo chilembo chachigiriki `ε` ndicho chimaimira kutamuka:

```
ε = (dQ/Q) / (dP/P) = (dQ/dP) × (P/Q)
ε = −8 × (100/400) = −2
```

Chizindikiro chochotsera chimabwera chifukwa mtengo ndi malonda zimayenda mosemphana. Popeza zimakhala choncho pafupifupi nthawi zonse, olemba ambiri, kuyambira Marshall yemweyo, amangochisiya n'kunena kuti kutamuka ndi 2. Choncho −0.4 ndi 0.4 m'mabuku awiri osiyana kawirikawiri ndi nambala imodzi. Kukula kwa nambala popanda chizindikiro kumalembedwa `|ε|`, ndipo ndikamanena kuti kutamuka "ndi kwakukulu" ndikutanthauza zimenezo.

## Kumene logarizimu ikulowera

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, koma ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tiyende pang'onopang'ono.

Maperesenti ali ndi chilema chimodzi. Wogulitsa wathu akakweza mtengo kuchoka pa 100 kufika pa 110, malonda amatsika kuchoka pa 400 kufika pa 320. Mtengo wakwera ndi 10 peresenti, malonda atsika ndi 20 peresenti, kutamuka ndi −2. Tsopano mwezi wotsatira abwezeretse mtengo pa 100. Kuchoka pa 110 kufika pa 100 ndi kutsika kwa 9.09 peresenti, ndipo kuchoka pa 320 kufika pa 400 ndi kukwera kwa 25 peresenti. Mukagawa mupeza −2.75. Mitengo ndi iwiri yomweyo, malonda ndi omwewo, koma popita tapeza −2 ndipo pobwerera −2.75. Chachititsa n'chakuti peresenti imawerengedwa kuchokera pamene wayambira, ndipo poyambira pasintha.

Logarizimu ndiyo imachiza chilema chimenechi. John Napier wa ku Scotland anafalitsa malogarizimu mu 1614 pofuna kupeputsa ntchito ya owerengera nyenyezi, ndipo luso lawo lalikulu ndi limodzi: amasandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza. Logarizimu ya `a × b` ndi logarizimu ya `a` kuphatikiza logarizimu ya `b`. Ganizirani za rula yachilendo imene mtunda wochoka pa 1 kufika pa 2 ndi wofanana ndi wochoka pa 50 kufika pa 100, kapena pa 400 kufika pa 800, chifukwa kulikonseko nambala yachulukitsidwa kawiri. Pa rula yotere, sitepe iliyonse ndi "kuchulukitsa ndi mwakuti", osati "kuonjezera mwakuti". Ndipo monga pa rula iliyonse, mtunda wopita ndi wobwerera ndi umodzi. Kuchulukitsa kawiri ndi +0.693, kugawa pakati ndi −0.693, pomwe m'maperesenti wamba n'kukwera kwa 100 ndi kutsika kwa 50.

Logarizimu imene azachuma amagwiritsa ntchito ndi yolembedwa `ln`, imene ili pa kakyuleta ya sayansi iliyonse. Anaisankha chifukwa pa kusintha kwakung'ono imafanana ndi peresenti. `ln(1.01)` ndi 0.00995, pafupifupi 1 peresenti ndendende. `ln(1.10)` ndi 0.0953, yayamba kupatuka pang'ono pa 10 peresenti. `ln(1.5)` ndi 0.405, yapatukiratu pa 50 peresenti. Kusintha kukamachepa, ziwirizi zimayandikana mpaka kukhala chimodzi, ndipo mwamasamu timalemba kuti `d(ln Q) = dQ/Q`. Mukaika zimenezi m'tanthauzo la Marshall, mupeza tanthauzo limene limaopsa anthu lija:

```
ε = d(ln Q) / d(ln P)
```

Palibe chatsopano chimene chalowamo. Ndi funso lomwe lija la maperesenti, kungoti lafunsidwa pa kusintha kochepetsetsa ndiponso pa rula yachilendo ija. Kunena kuti kutamuka ndi derivetivu ya malogarizimu ndi kunena kuti: jambulani galafu ya `ln Q` poyang'anizana ndi `ln P`, ndipo kutsetsereka kwa mzerewo pamalo alionse ndiko kutamuka pamalopo.

Vuto la miyeso lija nalo latha lokha. Kulemba mtengo m'timagawo 100 ndi kuchulukitsa `P` ndi 100, ndipo pa malogarizimu zimenezo ndi kungoonjezera nambala yosasintha: `ln(100P) = ln 100 + ln P`. Galafu yonse yangosunthira kumbali, koma kutsetsereka kwake sikunakhudzidwe. N'chifukwa chake kutamuka kulibe muyeso. Sikuli m'ndalama, sikuli m'makilogalamu, ndi nambala chabe.

Tibwerere ku mitengo iwiri ija. Mwa malogarizimu:

```
ln(320/400) / ln(110/100) = −0.2231 / 0.0953 = −2.34
```

Mukatembenuza ulendo, zizindikiro ziwiri zonse zimatembenuka ndipo yankho likhalabe −2.34. Mabuku a oyamba kumene amaphunzitsa njira ina yofikira pomwepa popanda logarizimu, yogawa kusintha kulikonse ndi nambala ya pakatikati: 80 kugawa ndi 360, ndi 10 kugawa ndi 105, zimene zimapereka −2.33. Njira ziwirizi zimagwirizana kwambiri kusintha kukakhala kosapitirira muyeso. Koma muone kuti −2.34 si kutamuka kwa pa mtengo wa 100, kumene ndi −2, ndiponso si kwa pa 110, kumene ndi −2.75. Ndi kwa chigawo chonse cha pakati pa mitengo iwiriyo.

## Malire a pa 1

Tsopano tafika pa chimene wogulitsa akufuna kudziwa. Ndalama zimene amalandira, tizitche `R`, ndi mtengo kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa zogulidwa. Popeza logarizimu imasandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza, zotsatira zake zimatuluka m'mizere iwiri yokha:

```
ln R = ln P + ln Q
d(ln R) / d(ln P) = 1 + ε
```

M'mawu wamba: mtengo ukakwera ndi 1 peresenti, wogulitsa amapata 1 peresenti pa chinthu chilichonse chimene wagulitsabe, koma amataya maperesenti okwana `|ε|` chifukwa cha ogula amene achoka kapena achepetsa. Ndi kukokana kwa mbali ziwiri, ndipo mbali imodzi mphamvu yake ndi 1 nthawi zonse. Ichi ndicho chifukwa chake 1 ndiye malire, osati 2 kapena 0.5. Palibe amene anangomusankha. Wachokera m'kuchulukitsa kwa mtengo ndi malonda. Kwa ine mzere wachiwiriwo ndiwo malipiro a khama lonse la malogarizimu, chifukwa zimene mabuku amapereka ngati malamulo atatu oloweza pamtima zili m'menemo.

Kutamuka kukaposa 1, malonda amatchedwa otamuka, ndipo kukweza mtengo kumachepetsa ndalama zolowa. Wogulitsa wathu pa mtengo wa 100 amalandira 100 × 400 = 40,000. Lamulo likuti `1 + (−2) = −1`, ndiye kuti kukweza ndi 1 peresenti kutsitse ndalama zolowa ndi pafupifupi 1 peresenti. Tiyese: 101 × 392 = 39,592, kutsika kwa 1.02 peresenti. Zagwirizana.

Kutamuka kukachepera 1, malonda ndi osatamuka, ndipo kukweza mtengo kumaonjezera ndalama zolowa. Wogulitsa yemweyo akanaika mtengo pa 50 akanagulitsa zinthu 800, n'kulandira 40,000 yomweyo. Koma kutamuka pamenepo ndi −8 × 50/800 = −0.5. Akakweza ndi 1 peresenti kufika pa 50.5, agulitsa 796 n'kulandira 40,198, kukwera kwa pafupifupi theka la peresenti, monga `1 + (−0.5)` akunenera.

Pakati pa ziwirizi pali mtengo wa 75, pamene amagulitsa 600, kutamuka ndi −1 ndendende, ndipo ndalama zolowa zafika pachimake, 45,000. Kuchoka pamenepo, kaya akweze kaya atsitse, alandira zochepa.

Pali mfundo imene yadutsa mwakachetechete m'ndime zitatuzi. Katundu ndi mmodzi, ogula ndi omwewo, mzere wa malonda ndi umodzi woongoka, koma kutamuka kwakhala 0.5, 1, 2 ndi 2.75 molingana ndi mtengo. Choncho mawu oti "katundu wakuti ndi wosatamuka" ndi achidule. Zoona zake n'zakuti ndi wosatamuka pa mitengo imene ilipo tsopano. Mukaukwezabe, tsiku lina mudzalowa m'chigawo chotamuka. Mtundu umodzi wokha wa malonda ndiwo uli ndi kutamuka kosasintha paliponse, wolembedwa `Q = A × P^ε`, pamene `A` ndi nambala yosasintha, umene pa galafu ya malogarizimu ndi mzere woongoka. Ofufuza amaukonda chifukwa ndi wosavuta kuuyeza: amatenga `ln Q` ndi `ln P`, n'kupeza mzere wodutsa bwino pakati pa manambalawo, ndipo kutsetsereka kwake ndiko yankho. Koma kusankha mtundu umenewu ndi chiganizo cha wofufuza, ndipo ogula sanalonjeze kuutsata.

## Ndalama zolowa si phindu

Anthu ambiri amaimira pamenepa n'kumalangiza kuti, malonda akakhala otamuka, tsitsa mtengo. Langizo limeneli likhoza kugwetsa bizinesi, chifukwa laiwala kuti katundu aliyense wogulitsidwa anagulidwa kapena kupangidwa ndi ndalama.

Tinene kuti chinthu chilichonse chimamudyera wogulitsa wathu ndalama 50 kuti achipeze. Pa mtengo wa 100, kutamuka ndi 2, ndipo phindu lake ndi 50 × 400 = 20,000. Atsate langizo lija, atsitse mtengo kufika pa 90. Malonda akwera kufika pa 480, ndalama zolowa zikwera kufika pa 43,200, ndipo pamalo ogulitsira pakhala piringupiringu. Koma phindu pa chinthu chimodzi latsika kuchoka pa 50 kufika pa 40, ndipo 40 × 480 ndi 19,200. Wagwira ntchito yambiri n'kupeza zochepa. Akapitiriza mpaka pa 75 paja pamene ndalama zolowa zili pachimake, phindu likhala 25 × 600 = 15,000 basi.

Chachitika n'chakuti kutsitsa mtengo ndi 10 peresenti kwadula phindu la chinthu chimodzi ndi 20 peresenti, chifukwa kudulako konse kwagwera pa gawo la phindu, osati pa mtengo wogulira. Kuti abwezeretse, malonda anayenera kukwera ndi 25 peresenti, popeza 50/40 ndi 1.25, koma akwera ndi 20 peresenti yokha. Nanga akakweza kufika pa 110? Phindu ndi 60 × 320, zomwenso ndi 19,200. Ndiye kuti pa 100 pomwepo ndi pamene anali bwino koposa.

Pali lamulo lozindikirira malo amenewa popanda kuyesa mitengo yonse. Limadziwika ndi dzina la Abba Lerner, amene analemba za ilo mu 1934. Ngati `c` ndi ndalama zopezera chinthu chimodzi choonjezera, phindu limafika pachimake pamene:

```
(P − c) / P = 1 / |ε|
```

Kumanzere kuli gawo la mtengo limene ndi phindu. Kumanja kuli 1 kugawa ndi kutamuka. Kwa wogulitsa wathu, (100 − 50)/100 ndi theka, ndipo 1/2 ndi theka. Mbali ziwiri zalingana. Pamene gawo la phindu laposa `1/|ε|`, mtengo wakwera mopitirira ndipo kutsitsa kungathandize. Pamene lachepa, pali mpata wokweza. Zikanakhala kuti katunduyo amamudyera 20 yokha, gawo la phindu pa mtengo wa 100 likanakhala 0.8, loposa theka, ndipo kutsitsa kukanamupindulira: mtengo wabwino ukanakhala 85, malonda 520, phindu 33,800 m'malo mwa 32,000. Kutamuka komweko kwa 2 kwapereka malangizo awiri osiyana chifukwa mtengo wopezera katundu ndi wosiyana.

M'lamuloli mukutuluka mfundo ina yodabwitsa poyamba. Gawo la phindu silingapose mtengo wonse, choncho `1/|ε|` sangapose 1. Ndiye kuti wogulitsa amene ali ndi ufulu wodziikira mtengo, ndipo akufunafuna phindu lalikulu, sangakhazikike pamene malonda ake ndi osatamuka. Chifukwa chake chikuoneka ngakhale popanda masamu: pamalo otero kukweza mtengo kumabweretsa ndalama zambiri, komanso akugulitsa zochepa, ndiye kuti akuwononganso zochepa. Wapindula mbali zonse ziwiri. Mukapeza wogulitsa amene kutamuka kwa malonda ake ndi 0.5 koma sakukweza, pali china chikumugwira dzanja: lamulo la boma loletsa, mantha oti opikisana naye atsopano alowa, chikhumbo chosunga makasitomala kwa zaka zambiri, kapena nambalayo inayezedwa molakwika.

Lamulo la Lerner lili ndi msampha wake. Kutamuka kukakhala kosasintha, limapereka mtengo mwachindunji, `P = c × |ε| / (|ε| − 1)`. Kutamuka kwa 5 kumapereka mtengo woposa `c` ndi kota, kwa 3 ndi theka, kwa 2 kuwirikiza kawiri. Koma kukayandikira 1 zinthu zimalusa: 1.2 akuti chulukitsa kasanu ndi kamodzi, 1.1 akuti chulukitsa ka 11. Kusiyana kwa 0.1 poyeza, kumene ndi kwakung'ono kuposa zolakwika za kafukufuku wamba, kwasuntha mtengo pafupifupi kawiri. Amene wapeza nambala yoyandikira 1 asathamangire kuika mtengo wotero, chifukwa kutamuka kumene anayeza pa mitengo ya lero sikudzakhala komweko akafika kutali choncho. Nambalayi imaloza bwino mbali yoti usunthire, koma silonjeza kutalika kwa ulendo.

## Kutamuka kwa yani, kwa liti

Nanga mafuta a galimoto ndi fodya, amene akatswiri amati ndi osatamuka, bwanji ogulitsa ake sangokweza mpaka kalekale? Yankho lili pa kusiyana kwa msika wonse ndi wogulitsa mmodzi. Malo onse omwetsera mafuta akakweza limodzi, woyendetsa galimoto alibe kothawira. Koma malo amodzi okha akakweza, amangodutsa n'kukamwetsa patsogolo. Kutamuka kwa msika wonse kungakhale kochepera 1 pamene kwa wogulitsa mmodzi ndi kwakukulu zedi. Nambala ya msika ndi yothandiza boma poganizira za msonkho; yolowa m'lamulo la Lerner ndi ya wogulitsa mwiniyo. Kusokoneza ziwirizi ndi kulakwitsa kofala kwambiri, ndipo chizindikiro chake ndi wogulitsa amene anawerenga kuti "anthu sangasiye kugula", n'kukweza yekha, n'kupeza makasitomala asamukira kwa mnzake.

Chimene chimakulitsa kutamuka koposa zonse ndi kupezeka kwa cholowa m'malo. Chachiwiri ndi nthawi. Mwezi woyamba mafuta atadula, munthu ali ndi galimoto yomweyo ndipo amagwira ntchito komweko. Pakapita zaka, angagule galimoto yosamwa mafuta kwambiri kapena kusamukira pafupi ndi ntchito. Choncho kutamuka kwa nthawi yaitali kawirikawiri kumaposa kwa nthawi yochepa. Ngakhale kwa nthawi yochepako sikukhazikika: kafukufuku wa Hughes, Knittel ndi Sperling wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti ku United States kutamuka kwa nthawi yochepa kwa petulo kunali pakati pa −0.21 ndi −0.34 m'zaka za 1975 mpaka 1980, koma kunatsika kufika pakati pa −0.034 ndi −0.077 m'zaka za 2001 mpaka 2006. Dziko ndi lomwelo, katundu yemweyo, koma miyoyo ya anthu inali itasintha.

## Kuyeza, ndi zimene zikadali zotsutsana

Wogulitsa wathu tinamupatsa mzere wake wa malonda wathunthu. Wogulitsa weniweni alibe mwayi umenewo. Ali ndi kaundula wa mitengo ndi malonda a miyezi yapitayi basi. Kutenga `ln` ya manambalawo n'kujambula mzere n'kosavuta, koma yankho likhoza kusocheretsa. Ganizirani wogulitsa amene amakweza mtengo nyengo imene ogula achuluka, n'kutsitsa nyengo imene malonda azizira. M'kaundula wake mitengo yokwera idzayendera limodzi ndi malonda ochuluka, ndipo mzere udzanena kuti kukweza mtengo kumaitana ogula. Zoterezi zinachitikadi. Mu 1914 Henry Moore wa ku America anayeza malonda a chitsulo chosayengedwa n'kupeza mzere wokwera m'malo motsika, ndipo mu 1927 Elmer Working anafotokoza momveka chifukwa chake manambala otere amanyenga: mtengo ndi malonda zimene timaona ndi pamene ogula ndi ogulitsa akumanirana, ndipo mbali zonse ziwiri zimasuntha. Kuti uone khalidwe la ogula lokha, umafunika kusintha kwa mtengo kumene sikunachokere kwa ogula, monga msonkho watsopano, kudula kwa zipangizo, kapena kuyesa dala mitengo iwiri m'malo ofanana pa nthawi imodzi.

Mungazindikire kuti muyeso wapotoka ngati kutamuka kwatuluka kopanda chizindikiro chochotsera, kapena kwachepa modabwitsa pa katundu amene ali ndi opikisana naye ambiri. Kupotoka kwa mbali inayo kumabwera ndi masiku otchipitsa: anthu amagula zambiri n'kusunga, malonda amalumpha sabata imeneyo, kenako amagwa masabata otsatira. Woyeza sabata imodzi yokhayo adzapeza kutamuka kwakukulu kumene sikudzaoneka mtengo ukatsitsidwa mpaka kalekale. Ndipo m'nyengo imene mitengo ya zinthu zonse ikukwera, `P` woyenera kulowa m'masamu ndi mtengo woyerekezedwa ndi mitengo ina. Amene wakweza ndi 10 peresenti pamene zinthu zonse zakwera ndi 15, kwa ogula watsitsa.

Pamwamba pa zimenezi pali mafunso amene azachuma sanamvanebe. Derivetivu imatenga kuti kukweza pang'ono ndi kutsitsa pang'ono ndi ulendo umodzi wongotembenuza, koma ofufuza za khalidwe la ogula amanena kuti anthu amakhala ndi mtengo umene anauzolowera m'mutu, ndipo kukwera kumawapweteka kuposa mmene kutsika kumawasangalatsira. Ngati ndi choncho, mzere uli ndi kona pa mtengo wozolowereka, ndipo pakona palibe kutsetsereka kumodzi. Kodi kusiyanaku ndi kwakukulu motani, ndipo kumatha pakapita miyezi ingati? Zotsatira za akafukufuku zimasiyana malinga ndi katundu ndi njira yoyezera.

Funso lina ndi la kutalika kwa malo amene nambala imodzi ingakhulupiridwe. Boma lofuna kukweza msonkho ndi theka la mtengo limadalira kutamuka koyezedwa pa kusintha kwa maperesenti ochepa, ndipo mzere woongoka ndi mzere wa kutamuka kosasintha, ngakhale yonse iwiri ikugwirizana ndi manambala akale, imalosera zosiyana kwambiri ikafika kutali. Palinso nkhani ya opikisana nawo: `ε` wa m'lamulo la Lerner amatenga kuti enawo sasuntha mitengo yawo, koma pamsika wa ogulitsa atatu kapena anayi, mmodzi akatsitsa anzake amamutsatira, ndipo malonda amene amayembekezera safika. Kodi kutamuka koyenera kuwerengera ndi kwa asanayankhe kapena atayankha, ndipo mungadziwe bwanji pasadakhale mmene ayankhire? Pomaliza, nambala imodzi ya msika imaphatikiza ogula osiyanasiyana, ena othawa mtengo ukangosuntha, ena osasunthika. Mtengo ukakwera, oyamba kuchoka ndi othawa msanga aja, ndipo otsalawo ndi gulu lina la khalidwe lina. Ogulitsa a pa intaneti tsopano amatha kuyeza gulu lililonse palokha ndi kulipatsa mtengo wakewake. Ena amati zimenezi zimafikitsa katundu kwa amene sakanakwanitsa mtengo umodzi wa onse, ena amati zimalanga amene alibe kothawira, ndipo mayiko akukambiranabe pamene lamulo liyenera kuika malire.